Wodziwa chinsinsi cha kampani aulule kapena asagule masheya

Masiku ano a Malawi ambiri ayamba kugula masheya pa msika wa Malawi Stock Exchange. Ena ali nawo osadziwa, chifukwa gawo la ndalama zawo za penshoni limaikidwa komweko. Choncho sabata ino ndati tikambirane za lamulo limene limateteza munthu wamba pa msikawu: loletsa munthu wa m'kati mwa kampani kugula kapena kugulitsa masheya pogwiritsa ntchito nkhani imene anthu ena onse sanaimve. Nkhani yakale ya mgodi wina ku Canada ndiyo imalongosola bwino lamuloli.

Mu Novembala 1963, kampani ya ku America yotchedwa Texas Gulf Sulphur inkafufuza miyala ya mtengo wapatali pafupi ndi tauni ya Timmins, m'chigawo cha Ontario. Itaboola pansi dzenje loyamba, mwala umene unatuluka unasonyeza kopa, zinki ndi siliva wochuluka modabwitsa. Akuluakulu a kampaniyo analamula kuti nkhaniyi isamveke, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: ankafuna kugula kaye malo ozungulira, eni malowo asanakweze mtengo.

Vuto linabwera pa zimene ena mwa odziwa chinsinsicho anachita. Akatswiri a miyala ndi mabwana ena anayamba kugula masheya a kampani yawo yomweyo mwakachetechete, ndipo wina anatsina khutu anzake kuti nawonso agule. Pa nthawiyo sheya imodzi inali pa madola pafupifupi 18.

Koma mphekesera inafalikira mpaka kulowa m'nyuzipepala. Pa 12 Epulo 1964 kampaniyo inatulutsa chikalata choziziritsa nkhaniyo, chonena kuti zomwe anthu akumva n'zokokomeza ndipo kafukufuku sanafike potsimikiza kanthu. Patangopita masiku anayi, pa 16 Epulo, kampani yomweyo inalengeza kuti yapeza miyala yosachepera matani 25 miliyoni. Tsiku limenelo sheya inatseka pa madola 36, ndipo pofika pakati pa Meyi inali pa madola 58.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti munali ndi masheya 100 ndipo munagulitsa mu Novembala pa madola 18. Munalandira madola 1,800. Amene anakugulaniyo, ngati anali mmodzi wa odziwa za mgodi, pofika Meyi anali ndi katundu wa madola 5,800. Madola 4,000 a pamwambawo sanawapeze chifukwa cha luntha kapena kulimba mtima. Anawapeza chifukwa anaona mwala umene inu, mwini wake wa kampani ngati iye, simunaloledwe kuuona.

Bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, la Securities and Exchange Commission, linatengera nkhaniyi kukhoti. Mu 1968 khoti la apilo ku New York linapereka chigamulo chimene chimaphunzitsidwa mpaka lero. Mfundo yake ndi yosavuta: ngati uli ndi nkhani ya m'kati yoti ingasinthe mtengo, uli ndi njira ziwiri zokha. Uiulule kwa anthu onse, kapena, ngati sungathe kuulula, manja ako atalikirane ndi masheyawo. Onani kuti khoti silinaletse kampani kusunga chinsinsi pogula malo. Linaletsa kudyerapo pa chinsinsicho.

Chigamulochi chinayankhanso mafunso awiri amene amavuta. Loyamba ndi lakuti, nkhani yaikulu ndi iti? Oimbidwa mlandu ankati dzenje limodzi si mgodi, kotero panalibe chotsimikizika choti aulule. Khoti linati nkhani siyenera kukhala yotsimikizika kuti ikhale yaikulu. Timayeza mwayi woti chinthucho chichitike pamodzi ndi kukula kwake chikachitika. Linaonjezera kuti kugula kwa odziwawo kunali umboni pakokha, pakuti munthu saika ndalama zake pa nkhani imene akuiona yopanda pake.

Funso lachiwiri ndi lakuti, nkhani imakhala ya aliyense liti? Dayirekitala wina anaimbira buloka wake atangomva chilengezo chikuwerengedwa kwa atolankhani pa 16 Epulo, nkhaniyo isanafalikire pa msika. Khoti linati nayenso analakwa. Kulengeza m'chipinda sikokwanira. Anthu a kunja ayenera kupatsidwa mpata woti amve.

Ndamvapo ena akutsutsa kuti wogulitsa uja akanagulitsabe, kaya wogula anali bwana kapena ayi, ndiye wabedwa chiyani? Ine ndimayankha motere. Mabwana ndi antchito a eni masheya, ndipo nkhani ya mgodi inapezeka ndi ndalama za eni masheyawo. Kuigwiritsa ntchito pogula motchipa kwa omwe anakulemba ntchito kuli ngati kapitawo kugula munda wa abwana ake atabisa kuti wapezamo golide. Komanso, bwana akaloledwa kupindula ndi chinsinsi, amakhala ndi chifukwa chochedwetsera chilengezo. Ndipo anthu akazindikira kuti masewero ndi okonzeratu, amabweza ndalama zawo, makampani n'kuvutika kupeza mpamba.

N'chifukwa chake lamulo loletsa limayenda limodzi ndi lamulo lokakamiza kuulula. Nkhani ikatuluka msanga, nthawi yoti wina adyerepo imafupika. Kuno kwathu lamulo la masheya la 2010 limaletsa mchitidwewu, ndipo oyang'anira ndi a Reserve Bank of Malawi. Malamulo a msika wathu amatinso kampani ikatsimikiza kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yonga yomweyo chaka chatha ndi 20 peresenti kapena kuposa, kaya kukwera kaya kutsika, idziwitse anthu isanatulutse malipoti athunthu. Ngati chaka chatha phindu linali K10 biliyoni, ndipo akuona kuti lifika K12 biliyoni kapena ligwa mpaka K8 biliyoni, sayenera kukhala chete. Palinso zidziwitso zochenjeza eni masheya kuti asamale pogula ndi kugulitsa chifukwa kampani ili pa zokambirana zimene zingasinthe mtengo. Timabokosi ta m'nyuzipepala timene ambiri timadumpha pothamangira masamba a mpira ndi timeneti.

Nanga munthu wamba angazindikire bwanji kuti china chake sichili bwino? Chizindikiro chachikulu ndi mtengo kapena chiwerengero cha masheya ogulidwa kudumpha popanda nkhani iliyonse, kenaka chilengezo n'kubwera patapita masiku. Umenewu si umboni wokwanira, makamaka pa msika waung'ono ngati wathu pomwe wogula mmodzi wamkulu atha kugwedeza mtengo. Koma ndi pamene ofufuza amayambira: amayang'ana amene anagula, tsiku limene anagula, ndi ubale wake ndi anthu a m'kati.

Lamuloli lili ndi malire ake. Silikulonjezani phindu, ndipo sililetsa mnzanu kukuposani powerenga bwino malipoti amene nonse muli nawo. Silingagwirenso ntchito ngati oyang'anira safufuza ndi kulanga poyera. Ndipo likhoza kukukhudzani inunso. Mlamu wanu wa ku ofesi yowerengera ndalama akakunong'onezani kuti gulani, zinthu zili bwino koma musauze munthu, dziwani kuti wolandira chinsinsi chotere n'kuchigwiritsa ntchito akhoza kuimbidwanso mlandu. Mufunseni funso limodzi lokha: kodi nkhaniyi yalengezedwa? Akati ayi, dikirani itatuluka m'nyuzipepala.