Mapiritsi anayi nthawi imodzi sapha mwana wa mphumu

Pali mawu amene akhala akuyenda m'makomboni a m'maesiteti a tiyi, kuchokera ku Honde Valley mpaka ku Ratelshoek ndi Jersey m'boma la Chipinge, kumene kukukhala ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzathyola tiyi. Mawuwo akuti timapiritsi ta puledinisoloni, timene anamwino amapereka mwana akabanika ndi mphumu, n'toopsa: timatupitsa nkhope, timapinimbiritsa mwana, ndipo thupi likatizolowera silingathenso kukhala popanda ito. Ndiye amati mayi wanzeru asamvere zoti amwetse mwana anayi nthawi imodzi, azimupatsa kamodzikamodzi tsiku lililonse mpaka onse athe.

Ife tikukana malangizo amenewa. Mantha ake ali ndi pochokera, ndipo tifika pamenepo, koma njira imene akuphunzitsa makolo ndi imene imachotsa phindu lonse la mankhwalawa n'kuyandikitsa mwana ku mavuto omwe iwo akuwathawa.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'chifuwa. Mphumu ikavuta, pamachitika zinthu ziwiri m'timachubu topititsa mpweya m'mapapo. Choyamba, minofu yozungulira timachubuto imakungika n'kutifinya. Chachiwiri, khoma lam'kati mwake limatupa n'kuyamba kutulutsa makhololo olimba. Mankhwala opopera mkamwa aja, salubutamo, amamasula minofu m'mphindi zochepa, n'chifukwa chake mwana amapezako bwino msanga, koma kutupa kuja salimbana nako, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Ntchito yophwetsa kutupa ndi ya puledinisoloni. Iyeyu ndi wochedwa, amayamba kuoneka ntchito yake pakapita maola atatu kapena anayi. Ndiye kumuchedwetsanso dala kuti "tione kaye mmene kuchere" n'kutaya maola amene mwana akuwafuna kwambiri. Akatswiri a Cochrane atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana mu 2001, anapeza kuti odwala amene apatsidwa mankhwala a mtunduwu mu ola loyamba atafika kuchipatala sagonekedwa kawirikawiri poyerekeza ndi amene sanapatsidwe.

Tsopano muyeso. Buku la Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse lothandiza posamalira ana m'zipatala, lotuluka mu 2013, limati mwana apatsidwe miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kwa masiku atatu. Bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu omwe maiko ambiri amatsatira, limalola miligalamu imodzi mpaka awiri pa kilogalamu, kwa masiku atatu mpaka asanu, koma limaika malire: osapitirira mamiligalamu 20 patsiku kwa mwana wosakwana zaka ziwiri, 30 kwa wazaka ziwiri mpaka zisanu, ndi 40 kwa wazaka 6 mpaka 11. Anthu a m'maesiteti safunika kuphunzitsidwa za sikelo. Palibe wothyola tiyi amene angalole kapitawo kungoyang'ana dengu n'kunena kulemera kwake ndi maso, ndipo mwana nayenso ayenera kukwera pasikelo tsiku lomwelo, osati kuwerengera za pakhadi lakale kapena kungoti "ndi wamng'ono uyu".

Titenge mtsikana wazaka 6 wokhala kufupi ndi Hauna, wolemera makilogalamu 20. Ndi mwezi wa Juni, kukuzizira, banja laotha moto m'nyumba, ndipo iye wakhala ndi chimfine masiku awiri. Usiku wayamba kulira m'chifuwa ngati kamluzu, akupuma mofulumira, ndipo sakutha kumaliza chiganizo osaima kuti apume. Kukiliniki anamwino ayamba ndi salubutamo, kupopera kudzera m'kabotolo kopumiramo, kupopa kamodzi mwana n'kupuma kangapo, kenako kupopanso, ndipo abwereza zimenezi pakatha mphindi 20 zilizonse mu ola loyamba. Kabotoloko ngati palibe, botolo lapulasitiki la chakumwa la theka la lita limagwira ntchito. Dokotala Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anasonyeza zimenezi mu 1999. Mu ola lomwelo anamwino awerengera puledinisoloni: makilogalamu 20 ndiye kuti mamiligalamu 20. Piritsi limodzi limene limapezeka kawirikawiri m'zipatala ndi la mamiligalamu asanu. Choncho mwana amwa mapiritsi anayi nthawi imodzi, mawa anayi, mkuja anayi. Onse pamodzi ndi 12, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Mapiritsi anayi m'kadzanja ka mwana amaoneka ochuluka, sitikutsutsa. Komatu kuchuluka kwake kukuchokera ku kuchepa mphamvu kwa piritsi limodzi. Likanakhala piritsi limodzi la mamiligalamu 20 palibe akanadandaula, pamene mankhwala olowa m'thupi ndi omwewo.

Onani zimene zimachitika mayi akatsatira malangizo a pakomboni. Mapiritsi 12 aja awagawa limodzi patsiku. Mwana akulandira gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso wake, m'masiku amene kutupa kwafika pachimake. Salubutamo akangotha mphamvu, kubanika kuyambiranso, ndipo usiku wachiwiri banja lili pamsewu kufunafuna galimoto yopita kuchipatala cha boma ku Hauna. Pamwamba pa izo, mankhwala amene anayenera kutha m'masiku atatu tsopano akhala m'thupi masiku 12, pafupi ndi malire amene madokotala amayambira kuda nkhawa.

Apa ndi pamene pali choonadi cha mphekesera ija. Thupi limapanga lokha mankhwala ofanana ndi puledinisoloni, otchedwa kotizo, m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Munthu akamwa puledinisoloni kwa milungu yambiri, tiziwaloti timaona kuti ntchito yawo yagwiridwa kale ndipo timachita ulesi. Wotereyu akasiya mwadzidzidzi akhoza kufooka kwambiri, n'chifukwa chake amamuchepetsera pang'onopang'ono. Nkhope yotupa, mafupa ofooka, shuga wokwera, kuchedwa kukula, zonsezi n'zenizeni, ndipo amene anaona mwana wodwala impso atakhala pa mankhwalawa miyezi ingapo sakunama akamati anatupa masaya. Koma zimenezi zimadza ndi kutalika kwa nthawi komanso kubwerezabwereza. Mankhwala akamwedwa masiku osakwana 14, malangizo amati angosiyidwa tsiku lomaliza popanda kuchepetsa. Masiku atatu sakwanira kugonetsa tiziwalo tija, ndipo palibe chizolowezi chimene chimayamba.

Zimene kholo lingaone m'masiku atatuwo ndi zina: mwana kudya kwambiri, kuvuta kapena kukwiya msanga, kusowa tulo, mwina kudandaula m'mimba. Zimatha mankhwala akatha. Tsiku loyamba amwe nthawi iliyonse imene wafika kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku, koma masiku otsatirawo ndi bwino m'mawa atadya phala, kuti tulo tisasokonezeke. Vuto lenileni la mapiritsiwa, limene mphekesera siitchula n'komwe, ndi kuwawa kwake. Ana ambiri amawalavula kapena kusanza. Kuwaphwanya n'kusakaniza ndi kasupuni kamodzi ka uchi, jamu kapena nthochi yokanya kumathandiza (uchi ayi kwa khanda losakwana chaka), bola kachakudyako kakhale kochepa kuti mwana amalize konse. Akasanza pasanathe theka la ola, muyesowo umabwerezedwa. Akamangosanzabe abwerere kuchipatala, kumene angamubaye jekeseni kapena kumupatsa dekisametazoni, mankhwala a mtundu womwewo amene amakhalitsa m'thupi ndipo amamwedwa tsiku limodzi kapena awiri okha.

Sitikunena kuti mwana aliyense wolira m'chifuwa apatsidwe puledinisoloni, ndipo amene amasunga mapiritsi otsala n'kumagawira ana a anansi akulakwa mofanana ndi amene amawachepetsa. Mwana amene wapezako bwino ndi salubutamo yekha n'kuyambanso kusewera nthawi zambiri safunika mapiritsiwa. Kwa ana ang'onoang'ono nkhani yake ndi yovutirapo. Kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2009, wa ana pafupifupi 700 osapitirira zaka zisanu amene ankalira m'chifuwa chifukwa cha chimfine, anapeza kuti puledinisoloni sanafupikitse kwenikweni nthawi yawo m'chipatala. Khanda la miyezi inayi lolira m'chifuwa koyamba kawirikawiri silikhala ndi mphumu, ndipo mwana wotentha thupi, wopuma mofulumira, akhoza kukhala ndi chibayo chofuna mankhwala ena. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya amene wamupima mwanayo. Kholo liuzenso anamwino ngati mwana wakhala pafupi ndi wodwala katsabola iye asanadwalepo, ngati ali ndi shuga, kapena ngati m'nyumba muli wodwala chifuwa chachikulu, chifukwa mankhwalawa amachepetsa chitetezo cha thupi.

Ndipo mapiritsi asachititse kholo kukhala phee panyumba. Mwana akalephera kuyankhula kapena kuyamwa, milomo ikayamba kuda, pansi pa nthiti pakamalowa m'kati kwambiri popuma, kapena akayamba kuwodzera mosadziwika bwino, afunika okosijeni, ndipo ulendo wa ku Hauna, ku Chipinge kapena ku Mount Selinda uyambe nthawi yomweyo, akupoperedwa salubutamo m'njira. Choopsa kwambiri ndi pamene kamluzu kaja kasiya kumveka koma mwana akuvutikabe: mpweya wachepa moti sukuthanso kuliza chifuwa.

Pali funso limodzi limene tikanakonda likanamayenda m'makomboni m'malo mwa mphekeserayi, ndilo lakuti mwanayu wamwa puledinisoloni kangati chaka chino. Ana a m'maesiteti amasinthasintha kopita, lero kukiliniki ya kampani, mwezi wina kuchipatala cha boma, patchuthi kwa agogo kumudzi, ndipo kulikonse angapatsidwe masiku atatu ake popanda wina woona chiwerengero chonse. Apa ndiye pamene masiku atatuatatu amaunjikana n'kuyamba kukhudza mafupa ndi kakulidwe. Mwana amene wafunika mapiritsiwa kawiri kapena kuposa m'chaka chimodzi, mphumu yake siikusamalidwa mokwanira, ndipo ayenera kuonedwa kuti ayambe mankhwala opopera oteteza a tsiku ndi tsiku monga bekulometazoni, amene amapita m'mapapo mwachindunji pa muyeso wochepa kwambiri. Choncho nthawi iliyonse pemphani anamwino alembe m'kabuku ka kuchipatala ka mwanayo tsiku, kulemera kwake, mamiligalamu amene wapatsidwa ndi masiku ake, ndipo kabukuko muzipita nako kulikonse kumene mwana akukaonedwa.