Ndalama za m'thumba sizichula mtengo wa dzira

Alimi ambiri oweta nkhuku zoikira amayesa phindu poyang'ana ndalama zotsala m'thumba mwezi ukatha. Ine ndikuti muyeso umenewu umacedwa kucenjeza, pakuti mtengo wa cakudya ca nkhuku ukhoza kukwera pamene zotsalazo zikuoneka ngati zili bwino. Cimene cimaulula msanga ndi funso ili: kodi cakudya ca ndalama zingati capita pa thileyi imodzi ya mazira? Sipuredishiti, lija tsamba la timabokosi la mu Excel kapena Google Sheets, limayankha funsoli mwezi uliwonse, ngakhale pa foni.

Mwezi uliwonse upatsidwe mzere wake wopingasa, ndipo mzere woyamba ukhale wa mitu. Mu A lembani mwezi, mu B matumba a cakudya amene nkhuku zadya, mu C mtengo wa thumba limodzi, ndipo mu E zolipira zina monga mankhwala ndi mayendedwe. Mu F lembani mathileyi amene mwagulitsa, ndipo mu G mtengo wa thileyi imodzi. Timabokosi totsalato timadziwerengera tokha mukalembamo mafomula awa motsatana, mu D2, H2, I2 ndi J2:

```
=B2*C2
=F2*G2
=H2-D2-E2
=D2/F2
```

Pamenepo D ndi mtengo wa cakudya conse, H ndi ndalama zolowa, I ndi zotsala, ndipo J ndi cakudya ca pa thileyi imodzi. Mwezi wotsatira mungokopera mafomulawo ku mzere wa pansi.

Tiyeni titenge nkhuku 100 ndi mitengo yongoyerekezera. Nkhuku yoikira imadya pafupifupi magalamu 120 pa tsiku, cotero gulu lonselo limatha matumba 7 a makilogalamu 50 pa mwezi. Mu Epulo thumba lili pa K450, cakudya conse K3,150, zolipira zina K500. Mwagulitsa mathileyi 80 pa K65, zolowa ndi K5,200, ndipo zotsala K1,550. Mu Meyi thumba lakwera kufika pa K480, koma nanunso mwagulitsa thileyi pa K68, ndipo zotsala zafika pa K1,580. M'thumba mwaonjezeka K30, ndipo mtima uli m'malo. Komatu bokosi la J likunena zina: cakudya ca pa thileyi cacoka pa K39 kufika pa K42. Cakupulumutsani ndi mtengo wa mazira, umene simuulamulira inu, ndipo tsiku limene udzatsike, mtengo wa thumba sudzatsika nawo.

Mu Juni thumba likadali pa K480, mathileyi akadali 80, koma J yalumphira pa K48. Popeza matumba ndi mtengo wake munazilemba padera, mukuona nthawi yomweyo kuti wogulitsa cakudya alibe mlandu: nkhuku zatha matumba 8. Yankho lili kukhola. Nkhuku zimadya kwambiri nyengo yozizira, koma thumba lathunthu ndi lalikulu, cotero yang'anani ndowe za makoswe mosungiramo, cakudya cotayika pansi pa zodyeramo zodzaza kwambiri, ndiponso amene asunga kiyi. Mukadalemba cabe kuti cakudya K3,840, mukadadandaula za mitengo n'kusiya khoswe ali pamkhate. Ndipo J ikakwera pamene matumba ndi mtengo sizinasinthe, ndiye kuti mazira ndiwo acepa. Funsani za madzi, matenda kapena ukalamba wa nkhuku.

Ena amati kabuku ndi kokwanira, ndipo pali coona m'mau awo. Kabuku ka tsiku ndi tsiku kasatayidwe, cifukwa sipuredishiti imangodziwa cimene mwaiuza. Koma kabuku sikaika Epulo, Meyi ndi Juni pamodzi kuti diso lione kumene manambala akulowera, ndipo kugawa pamanja mwezi uliwonse ndi nchito imene ambiri timaisiya pofika mwezi wacitatu.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kulemba matumba amene mwagula m'malo mwa amene adyedwa. Mukagula 10 mwezi uno ndi 4 mwezi wamawa, J idzakwera ndi kutsika mopanda tanthauzo. Werengani matumba otsala pa tsiku lomaliza la mwezi. Waciwiri ndi kulemba cilembo K kutsogolo kwa nambala. Kawirikawiri bokosilo limatengedwa ngati mau, ndipo fomula imaonetsa #VALUE! m'malo mwa yankho. Lembani 480 cabe.

J ikakwera miyezi iwiri yotsatana, musadikire mwezi wacitatu. Funsani mitengo kwa ogulitsa ena, konzani zodyeramo, kapena patulani nkhuku zimene zaleka kuikira, ndalama zogulira thumba lotsatira zikadalipo.