Mwana wa eni ake ndinamulembera 12nd

Foni inalira Lachinayi madzulo, ndili pamzere wodikira minibasi. Anali mchemwali wanga wamng'ono, amene amaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya pulayimale. Sanandipatse n'komwe moni.

"Achimwene, mwandilemba chiyani pamalipoti a ana aja? Ahedi andiitanitsa ku ofesi. Akuti mphunzitsi wa Chingerezi angalembe bwanji 12nd?"

Mlandu unali wanga ndithu. Kalasi yake ili ndi ana 118, ndipo kumapeto kwa teremu iliyonse ankakhala usiku wonse akuwonkhetsa malikisi ndi kulemba pamanja kuti uyu wakhala nambala chakuti. Ine, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, ndinati bweretsa kuno, Excel ichita zonsezi pamphindi ziwiri. Kuwonkhetsa kunayenda bwino, kusanja ana kuyambira woyamba mpaka womaliza kunayendanso bwino. Chinandigwetsa ndi kanthu kakang'ono kamene sindinakaganizire n'komwe: timichira ta zilembo ziwiri timene Chingerezi chimamata kumapeto kwa nambala, tija ta st, nd, rd ndi th.

Lamulo limene ndinauza kompyuta ndi lomwe ambirife timayenda nalo m'mutu. Ndinati yang'ana nambala yakumapeto. Ikakhala 1 ikapo st, ikakhala 2 ikapo nd, ikakhala 3 ikapo rd, zina zonse th. Ndinayesa kuyambira 1 mpaka 10, zonse bwinobwino. Ndinalumpha n'kuyesa 21, 22 ndi 23, zinatuluka 21st, 22nd, 23rd. Ndinatseka laputopu mtima uli m'malo. Koma pakati pamene ndinalumphapo ndi pamene panali dzenje, chifukwa ana atatu anatuluka ndi 11st, 12nd ndi 13rd, pamene zolondola ndi 11th, 12th ndi 13th.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kamchira kaja sikatsatira nambala imene maso akuona. Kamatsatira liwu limene pakamwa pakutchula. Zilembo ziwirizo ndi zotsala za liwu lathunthu: st ndi mathero a first, nd ndi mathero a second, rd ndi mathero a third. Ndiye mukafuna kudziwa kamchira koyenera, itchuleni nambalayo mokweza, mumvetsere liwu lomaliza. Nambala 22 ndi twenty-two, liwu lomaliza ndi two, choncho pa mndandanda imakhala twenty-second, n'chifukwa chake timalemba 22nd. Koma 12 ndi twelve. Mulibe two m'menemo ngakhale mutatchera khutu chotani. Imasanduka twelfth, ndipo mathero ake ndi th. Chimodzimodzi eleven, imene ilibe one, ndi thirteen, imene imathera pa teen osati pa three. Manambala kuyambira 14 mpaka 19 nawonso ali m'gulu lomweli, kungoti iwo sagwetsa munthu chifukwa 4, 5 mpaka 9 amatenga kale th.

Nanga n'chifukwa chiyani atatu oyambirirawo anakana kufanana ndi anzawo? Ndi mawu obwera njira zosiyana. Liwu loti first silinachokere kwa one. Ndi m'bale wake wa fore, kutanthauza wakutsogolo. Liwu loti second ndi mlendo weniweni, linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza wotsatira, ndipo lisanabwere Angerezi akale ankagwiritsa ntchito liwu limene lero lili other. Pamene third ndi mwana wa three ndithu, kungoti m'kupita kwa zaka r anasinthana malo ndi mnzake. Tisawaseke kwambiri, chifukwa ifenso tili nako kathu. Timati wachiwiri, wachitatu, wachinayi, wachisanu, zonse pa mzere umodzi, koma mwana wakhoza kuposa onse sitinena kuti wachimodzi. Timati woyamba, liwu lochokera ku "kuyamba", osati ku "modzi". Kungoti ife manambala akakula timathawa n'kunena kuti "wakhala nambala 12", nkhani n'kuthera pomwepo.

Usiku womwewo ndinatsegula laputopu n'kukonza. Ndinawonjezera kuti nambala ikakhala 11, 12 kapena 13, ipatsidwe th. Ndinayesa, zinatheka, ndinamutumizira mchemwali uja pa WhatsApp ndi mawu odzitama pang'ono. Sipanathe mphindi khumi.

"Achimwene, tatsikani m'munsi mwa mndandandawo. Kodi 111st ndi chiyaninso?"

Apa ndiye ndinachita manyazi kawiri. M'kalasi ya ana makumi anayi vuto limeneli silikanaoneka, koma kwa iye ana amapitirira 100, ndipo msampha womwe uja unali kundidikira pa 111, 112 ndi 113. Tchulani 112: one hundred and twelve. Liwu lomaliza ndi twelve, choncho ndi 112th. Tchulani 102: one hundred and two, imeneyo ndi 102nd. Manambala awiriwa onse amathera pa 2, koma timichira tawo n'tosiyana. Msamphawu umabwerera pakatha 100 aliyense: 211th, 312th, 1013th. Ine ndinali nditatseka dzenje limodzi, pamene maenjewo anakumbidwa msewu wonse.

Lamulo lenileni lili ndi mafunso awiri, ndipo chofunika ndi kuyamba ndi funso loyenera. Choyamba, yang'anani manambala awiri akumapeto. Akakhala 11, 12 kapena 13, ikani th, basi, musayang'anenso china. Akakhala kuti si amenewo, m'pamene mumayang'ana nambala imodzi yakumapeto ija. Mukayamba ndi funso lachiwiri, 12 amakhala watenga kale nd funso loyamba lisanafunsidwe.

Kompyuta ilibe khutu loti imve twelve, ndiye imafika pa yankho lomwelo kudzera m'masamu a zotsala, aja tinkachita ku pulayimale. Mukagawa nambala ndi 100, chotsala ndi manambala awiri akumapeto. Mukaigawa ndi 10, chotsala ndi nambala imodzi yakumapeto. Mu Excel ndi mu Google Sheets ntchito yopeza chotsalayi imachitidwa ndi MOD. Ngati nambala ya mwana ili m'kabokosi ka A2, fomula imene ndinamaliza nayo ndi iyi:

```
=A2&IF(AND(MOD(A2,100)>=11,MOD(A2,100)<=13),"th",CHOOSE(MIN(MOD(A2,10),4)+1,"th","st","nd","rd","th"))
```

Ikuoneka yoopsa, koma tiyeni tiiyendetse ndi mwana amene wakhala nambala 112. Poyamba igawa 112 ndi 100, chotsala ndi 12. Ifunsa kuti kodi 12 ali pakati pa 11 ndi 13? Inde. Imata th, yamaliza: 112th. Tsopano mwana wa nambala 102. Kugawa ndi 100 kusiya 2, amene sali pakati pa 11 ndi 13, ndiye ipita ku gawo lachiwiri. Kumeneko igawa 102 ndi 10, chotsala ndi 2. Iwonjezera 1 kukhala 3, kenako CHOOSE isankha kamchira kachitatu pa mndandanda uli kumapetowo, kamene ndi nd. Kuwonjezera 1 kuja kulipo chifukwa CHOOSE amayamba kuwerenga pa 1, pamene chotsala chikhoza kukhala 0, monga pa 20 kapena 100, amene amatenga th woyambayo. Ndipo MIN alipo kuti chotsala chilichonse kuyambira 4 mpaka 9 chitsitsidwe kukhala 4, onsewo agwere pa th womaliza. Ikakana kugwira ntchito pa foni kapena pa kompyuta yanu, onani ngati makina anuwo amafuna ; m'malo mwa , pakati pa zigawo, chifukwa ena anatcheredwa motero.

Chimene ndinaphunzira movutikira ndi manambala oyesera. Kuyesa 1 mpaka 10 sikukuuzani chilichonse, chifukwa ngakhale fomula yolakwika imakhoza pamenepo. Masiku ano ndimayesa 1, 2, 3, 4, kenako 11, 12, 13, kenako 21, 22, 23, ndi kumalizira 101, 111, 112. Mukaona 11st, dziwani kuti fomula ikuyang'ana nambala imodzi yokha. Mukaona 11th ili bwino koma 111st yatuluka, ndiye kuti wina anatseka dzenje limodzi ngati ine. Mukaona 21th kapena 22th, vuto ndi losiyana: munthuyo anaganiza kuti st ndi nd ndi za 1 ndi 2 okha.

Cholakwa chomalizachi, cha 22th, sichifuna kompyuta kuti chichitike. Ndimachiona pamakhadi a ukwati ndi a chinkhoswe amene amazungulira m'magulu a WhatsApp, khadi lokongola, maluwa mbali zonse, zithunzi za akwati zowala, pakati pake 22th kapena 23th. Pa masiku a mwezi nkhaniyi ndi yaifupi kwambiri moti mukhoza kungoiloweza. Pa masiku 31, asanu ndi awiri okha ndi amene satenga th: 1st, 21st ndi 31st, 2nd ndi 22nd, 3rd ndi 23rd. N'chifukwa chake tsiku lokumbukira ofera dziko limalembedwa 3rd March, pamene tsiku la ufulu ndi 6th July. Ndipo kunena zoona, pa deti kamchirako sikokakamiza. Kulemba 22 August n'Chingerezi cholondola ndithu. Mukakayika khadi lisanapite kosindikiza, kuchotsa kamchirako n'kotchipa kuposa kusindikizanso makhadi onse.

Mukafuna kulemba mawu athunthu m'malo mwa manambala, kumakhala timisampha tina ta masipelo. Liwu loti five limakhala fifth, twelve limakhala twelfth, nine limataya e n'kukhala ninth, eight limangolandira h kukhala eighth, ndipo twenty limasanduka twentieth. Pa nambala ya mawu awiri, lomaliza lokha ndilo limasintha: twenty-first, osati twentieth-first. Zimenezi fomula yanga ija siziidetsa nkhawa, chifukwa iyo imangomata zilembo ziwiri.

Malipoti asanu ndi limodzi aja tinawasindikizanso Lachisanu m'mawa, ndalama yake kuchokera m'thumba mwanga, ndipo ana analandira olondola asanatsekere. Ahedi akuti anangopukusa mutu n'kusainira. Mchemwali wanga akugwiritsabe ntchito fomula ija, koma teremu iliyonse asanasindikize amatsika kaye mpaka pa mwana wa nambala 111 kukaona ndi maso ake. Ndipo mpaka lero, ndikamuimbira foni pa 12 mwezi uliwonse, amayankha kuti, "Ee achimwene, lero paja ndi pa 12nd?"