Deti la pansi pa satifiketi

Pa Goliati pali bambo wina wowotcherera zitsulo amene ntchito yawo aliyense amaidziwa. Mafelemu a zitseko, ngolo, mawilibala othyoka, zonse zimathera pa shedi yawo. Nyengo yozizira yapitayi, masamba a tiyi atachepa m'minda, esiteti ina ya kuno ku Thyolo inafuna munthu wokonza makwerero ndi zitsulo zogwirira mathireyi ofotetsera masamba m'fakitale. Mafakitale amakonza zowonongeka m'miyezi imeneyi, chifukwa mvula ikayamba mu Disembala makina sapumanso. Bambowa anapereka mtengo wawo, ndipo unali wotsika kuposa wa kampani ya ku Limbe yomwe ankapikisana nayo.

Mkulu woona za chitetezo pa esitetipo sanafunse ngati amatha kuwotcherera. Anatenga mapepala awo n'kuloza deti la pansi pa satifiketi ya maphunziro a chitetezo, yokhudza kuzimitsa moto, kugwira ntchito pamwamba ndi chithandizo choyamba. Inali itatha mphamvu chaka chathachi. "Pepani bambo, sitingakulowetseni pageti ndi pepala limeneli," anatero mkuluyo. Kontirakiti inapita ku Limbe.

Anzawo pamsika anati kumeneko n'kukondera, pepala siliwotcherera chitsulo. Ine ndikuona kuti esitetiyo sinalakwe.

Amisiri ambiri amasokoneza mapepala awiri. La mayeso a umisiri, lija la giredi 3, 2 kapena 1, limanena kuti munthu anaphunzira ntchito, ndipo silikalamba. La chitetezo ndi lina. Limakhala ndi deti lothera, kawirikawiri pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa zimene munthu sachita tsiku ndi tsiku amaziiwala. Mmisiri woti manja ake sanjenjemera pachitsulo akhoza kuima kakasi mnzake atagwidwa ndi magetsi, osakumbukira kuti choyamba n'kuzimitsa magetsiwo asanamukhudze.

Ndiponso fakitale ya tiyi si shedi ya pamsika. Muli fumbi la tiyi louma lomwe limabisala m'ming'alu ndi pamwamba pa mitanda, muli matumba, ndipo panja pali milu ya nkhuni za bulugamu zoyatsira boyila. Kambaliwali kochokera powotcherera kamatha kugwa mamita angapo kuchoka pomwe munthu waima, n'kumanyeka mwakachetechete mpaka anthu ataweruka. N'chifukwa chake pamalo otere ntchito ya moto imayamba ndi chilolezo cholembedwa. Malo amasesedwa, zosasunthika zimaphimbidwa ndi nsalu yosagwira moto, chozimitsira moto chimakhala pafupi, ndipo munthu mmodzi amatsala kulondera kwa mphindi 30 kapena ola lathunthu makina atazimitsidwa. Pa shedi palibe amene amachita zimenezi, ndiye munthu angazikumbukire bwanji popanda kukumbutsidwa?

Esiteti nayo ili ndi oyiyang'anira. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limaika udindo pa mwini malo. Tiyi wathu wambiri amagulitsidwa kunja, ndipo ofufuza a mabungwe monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade akafika amatsegula mafayilo. Ngozi itachitika, a inshulansi nawo adzafunsa kuti munthu wovulalayo analowa ndi mapepala otani. Ndalama zomwe esiteti ikanapulumutsa posankha mtengo wotsika n'zochepa poyerekeza ndi fakitale yopsa.

Bambo aja anakwiya kwa masabata angapo, kenako anatseka shedi n'kukwera minibasi ya ku Blantyre. Maphunzirowo anali a masiku ochepa chabe. Analipira, anayeserera kuzimitsa moto ndi kumanga lamba wogwirira ntchito pamwamba, n'kubwerako ndi pepala latsopano. Deti lothera analilemba ndi penti pakhoma la shedi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mmisiri wa kumudzi amalipira kawiri. Kampani ya m'tauni ili ndi kalaliki wosunga madeti a antchito ake onse, ndipo kophunzirira n'pafupi. Wa pa Goliati amalipira maphunziro, thiransipoti ndi malo ogona, kwinaku shedi ili yotseka. A TEVETA, omwe akhala akuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, atagwirizana ndi bungwe la eni minda ya tiyi angathe kubweretsa aphunzitsi pa boma la Thyolo kamodzi pachaka, cha mu Epulo kapena Meyi, ntchito zokonza mafakitale zisanayambe.

Pakadali pano, inu amisiri a pa Goliati, pa Bvumbwe ndi ku Luchenza, tulutsani mapepala anu m'sutikesi muone madeti musanalembe mtengo wa ntchito ina iliyonse ya pa esiteti.