Mizere ya wofotokoza iyambe kulembedwa pamodzi ndi sewero

M'nyumba zoonetsera kanema za pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa boma la Mchinji, anthu anazolowera kale mafilimu akunja okhala ndi mawu a munthu wotanthauzira m'Chichewa, kotero kuti ganizo loika mawu ena pamwamba pa chithunzi si lachilendo m'bomali. Komabe ntchito imene munthu wosaona akufuna ndi ina, pakuti wotanthauzira amalankhula pamene ochita sewero akulankhula, chikhalirecho wofotokoza zooneka, amene udindo wake ndi kunena zimene maso okha akanaona, amalankhula pamene iwo akhala chete. Luso limeneli linayamba kuchitika mwadongosolo pa bwalo la zisudzo la Arena Stage ku Washington mu 1981 motsogozedwa ndi Margaret Pfanstiehl, ndipo wailesi ya WGBH ku Boston inalikhazikitsa pa kanema mu 1990. Ife tikuona kuti olemba masewero a Chichewa alandire lusoli, koma aziyamba nalo pa pepala, kujambula kusanachitike.

Chifukwa chake ndi nthawi. Sewero likakhala lojambulidwa kale, wolemba amayamba wamvetsera lonse osayang'ana chithunzi, n'kulemba malo onse amene nkhani yamutayika, kenako amayeza mpata uliwonse wopanda zolankhula, ndipo mzere wa wofotokoza umalembedwa ndi nthawi yoyambira ndi yothera, kufupi ndi mawu otsiriza a wochita sewero amene akhale chizindikiro choyambira. Tiyerekeze sewero lochitikira pa chipata cha Mwami, pamene mayi wa geni, Nabanda, akubisa ndalama pamene mlamu wake wapotoloka, ndipo pakati pa mawu a awiriwa pali masekondi 4 okha. Wolemba wosazolowera anganene kuti mayi Nabanda, amene avala chitenje chofiira, akuyang'ana uku ndi uku mwamantha, kenako akutulutsa ndalama m'chikwama n'kuzimanga pansonga ya chitenje, koma chiganizo chimenecho chimadya masekondi pafupifupi 10, motero chingakwirire mawu a mlamuyo. Mzere woyenera mpatawo ndi uwu:

```
00:12:08 - 00:12:12
WOFOTOKOZA: Nabanda akumanga ndalama pansonga ya chitenje.
```

Mtundu wa chitenje wasiyidwa chifukwa nkhani sikudalira pa iwo, ndipo mawu oti mwamantha achotsedwa chifukwa ndi chigamulo cha wolemba, chimene womvera angachipeze yekha m'kunjenjemera kwa mawu a mayiyo. Chatsala ndi chimene chidzafunike patsogolo, ndalamazo zikadzasowa.

Chitsanzochi chikuonetsanso zinthu ziwiri zokhudza chinenero chathu zimene malangizo olembedwera Chingerezi sangazitchule. Choyamba, mawu a Chichewa ndi aatali, popeza mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa, choncho kuwerenga mawu kumanamiza: mzere uli pamwambawu uli ndi mawu 6 okha koma maphatikizo 17, ndipo muyeso wodalirika ndi kuuwerenga mokweza, wotchi ili m'manja. Chachiwiri, mneni woti akulowa sasonyeza ngati wolowayo ndi mwamuna, mkazi, gulu la anthu kapena munthu mmodzi wolemekezeka, kotero kuti wofotokoza ayenera kutchula dzina nthawi iliyonse imene wochita wasintha, ngakhale dzinalo limudyere sekondi yathunthu. Ngati dzina silinamveke m'sewero, munthuyo apatsidwe chizindikiro chimodzi, monga bambo wa njinga, ndipo chisasinthe mpaka dzina litatchulidwa, kuopa kuulula chinsinsi chimene oona ndi maso sanachidziwe.

Zimene zikumveka kale, monga kugogoda pachitseko, sizifuna kufotokozedwa, koma zolembedwa pa chithunzi, kaya ndi uthenga wa pafoni kaya dzina la malo, ziyenera kuwerengedwa.

Vuto lalikulu la masewero athu, amene ambiri anatengera khalidwe la pa wailesi ndi pa bwalo, ndi loti ochita sewero salekeza kulankhula, ndipo filimu ikatha kulumikizidwa, mpata sungapangidwenso popanda kudula mawu a wina. N'chifukwa chake tikunena kuti wolemba aike mizere ya wofotokoza m'sewero lolembedwalo, kuti wotsogolera kujambula adziwe pamene ayenera kusiya masekondi angapo a chete. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa lija la 2012, likupereka maziko, koma kuyesa ntchitoyi sikufuna kudikira boma: magulu a zisudzo a ku Mchinji angathe kuitana mamembala a Malawi Union of the Blind kuti amvetsere sewero lokhala ndi mizereyi, kenako alifotokoze okha, ndipo pamene womvera wasokoneza amene anatenga ndalama, pamenepo ndi pamene mzere uyenera kulembedwanso. Sewero lofotokozedwa bwino lingathenso kuulutsidwa pa wailesi ya Mudzi Wathu monga momwe lilili, popanda kujambulanso mawu ena.