Uthenga womwe sindinatumize: momwe ndinapemphera malipiro owonjezera, kenako n'kukana ntchito

Imelo inalowa ndili mu minibasi pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, pomwe magalimoto amayenda ngati akupita kumaliro. Bungwe lina lomwe ofesi yake ili m'nyumba ya mpanda ku Area 43 linali litandisankha kuti ndizikalemba nkhani zake. Malipiro anali K480,000 pamwezi. Komwe ndimagwira ku Old Town ndimalandira K400,000, choncho ndinamwetulira mpaka kondakitala anandiyang'ana.

Kumwetulirako kunatha madzulo nditatenga cholembera. K480,000 ija inali gulosi, kutanthauza malipiro asanadulidwe kanthu. Pa ndalamayo pamachoka msonkho wa PAYE wopita ku MRA, komanso K5 pa K100 iliyonse ya penshoni, yomwe lamulo limati wantchito azisonkha pomwe olemba ntchito amaikapo K10. Nditachotsa zonsezi, pa K80,000 yowonjezera ija panatsala pafupifupi K56,000.

Kenako thiransipoti. Kuchokera kwathu ku Biwi kupita ku Old Town ndi minibasi imodzi, ndipo nthawi imeneyo ndinkawononga K2,000 patsiku. Ku Area 43 ndi nkhani ina: minibasi mpaka m'tauni, ina yodzera ku City Centre, kenako kabaza wanjinga yamoto, chifukwa m'misewu ya m'kati mwa mipanda ija minibasi sizilowa. Kupita ndi kubwerera zinkakwana K7,000. Pa masiku 22 ogwira ntchito, kusiyana kwake kunali K110,000. Ntchito yatsopanoyi ikanandilanda K54,000 mwezi uliwonse.

Mutu utatentha, ndinalemba uthenga uwu pa WhatsApp kwa mayi wa ku ofesi yoona za antchito yemwe anandiimbira foni: “Madamu bho? Ndaiona kalata koma eee dola yachepa bwanji. Thiransipoti yokha ithetsa zonse. Simungakwezeko pang'ono? Apo ayi ndiye zivuta.”

Chala chili pafupi kutumiza, ndinauwerengera azakhali anga omwe anakhala mlembi ku Capital Hill kwa zaka zambiri. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti, “Iwe, pang'ono ndi zingati? Mayiyo akapita kwa abwana ake akanene kuti mwana uja akufuna pang'ono?”

Mfundo yawo inali yakuti amene amalandira uthenga wako kawirikawiri si amene amavomereza ndalama. Iye amangoutengera kwa wina, ndipo umakalowa mu failo. Ndiye uyenera kukhala uthenga woti ungawerengedwe mokweza mumsonkhano iwe kulibe. Wanga uja unalibe nambala, unali ndi madandaulo m'malo mwa chifukwa, ndipo mawu akuti “zivuta” ankamveka ngati chiopsezo. Unalinso pa njira yolakwika. Kalata yabwera pa imelo, yankho lipitenso pa imelo. WhatsApp ndi yongodziwitsa kuti mwayankha.

Tinakhala pansi n'kupeza nambala. Kuti K110,000 ya thiransipoti ibwerere m'thumba msonkho ndi penshoni zitachoka, gulosi inkayenera kufika pafupifupi K560,000. Pamenepo ndiye kungofanana ndi komwe ndili. Tinagwirizana kupempha K600,000, ndipo ndinalemba pambali kuti pansi pa K560,000 sindivomera. Nambala yachiwiriyi siilowa m'kalata, ndi yako wekha. Kalatayo ndinailemba m'Chingerezi monga mwa maofesi athu, koma m'Chichewa inkati:

“Okondedwa Mayi, ndikuthokoza chifukwa cha kalata yanu yondipatsa ntchito ya mlembi wa nkhani. Ndine wokondwa kuti mwandisankha, ndipo ntchitoyi ndikuifuna. Ndisanasaine, ndikupempha kuti tionenso malipiro. Poganizira zaka zitatu zomwe ndalemba ndi kukonza nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zomwe zidzachepetse ntchito yotumiza kwa omasulira, komanso mtengo wa mayendedwe ofika ku ofesi yanu, ndikupempha K600,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Ngati bajeti singalole, ndili wokonzeka kukambirana zogwirira ntchito kunyumba masiku awiri pasabata. Ndingathe kubwera kapena kulankhula nanu pa foni tsiku lililonse lisanafike Lachisanu, lomwe munandipatsa kuti ndiyankhe.”

Taonani zomwe zinasintha. “Dola yachepa” inasanduka nambala imodzi, yonenedwa momveka kuti ndi gulosi, kuti pasakhale kusamvana. Sindinalembe kuti “pakati pa K550,000 ndi K600,000”, chifukwa ukatero amasankha yapansiyo. Chifukwa choyamba chinakhala chomwe iwo apindule mwa ine, thiransipoti n'kubwera pambuyo. Za lendi ndi fizi ya mng'ono wanga azakhali anazikana. “Zimenezo n'zoona,” anatero, “koma aliyense mu ofesimo ali nazo.” Ndipo m'malo mwa “zivuta” munalowa khomo lina loti angatsegule osawonjezera ndalama.

Anayankha patapita masiku awiri, mwaulemu. Akanatha kufika K520,000, koma zogwirira kunyumba ayi. Ndinawerengeranso: yowonjezera yolowa m'thumba inali pafupifupi K83,000, thiransipoti K110,000. Ndinaonanso kuti m'kalata yawo munali miyezi isanu ndi umodzi yoyeserera. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limalola nthawi yoyeserera mpaka miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Kusiya ntchito yokhazikika n'kupita kumene ndikalandire zochepa, pampando wosakhazikika, sikunali nzeru.

Apa mayesero anali ongokhala chete, kusiya foni izilira. Ambiri timatero chifukwa kukana wamkulu kumatichititsa manyazi. Koma Lilongwe ndi yaing'ono. Mayi yemwe mwamuzemba lero mudzamupeza pa gulu lofunsa mafunso ku City Centre chaka chamawa. Komanso pali munthu wachiwiri pamndandanda yemwe akudikira foni, ndipo kuchedwa kwanu kukumuchedwetsa. Ndinalemba tsiku lomwelo:

“Okondedwa Mayi, zikomo chifukwa choganizira pempho langa ndi kukweza malipiro kufika K520,000. Nditalingalira mofatsa, ndaona kuti sindingathe kulandira ntchitoyi pa malipiro amenewa. Ndaona kuti ndikudziwitseni msanga kuti mupitirize ndi ena omwe munawafunsa. Ndinasangalala kukumana ndi gulu lanu, ndipo ngati mtsogolo mudzafune wolemba kapena womasulira pa ntchito ya kanthawi, ndidzakondwa kumva kuchokera kwa inu.”

Kalata yokana imafuna mawu akuti “sindingathe kulandira” aoneke poyera. Ukalemba kuti “mwina pakadali pano zingavute”, winayo amaganiza kuti mukukambiranabe, ndipo mudzazindikira izi akakuimbirani kufunsa tsiku loyamba ntchito. Chifukwa chikhale chimodzi komanso choona. Musanamizire matenda a agogo, ndipo musapepese katatu ngati mwaba nkhuku.

Chenjezo limodzi lomaliza lochokera kwa azakhali: mukagwirizana malipiro atsopano pa foni, musapereke notisi komwe muli mpaka nambalayo italembedwa m'kalata yosainidwa. Wolandira pamwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo mukaipereka, kuibweza kumadalira chifundo cha abwana.

Mayi aja anayankha ndi mzere umodzi wothokoza kuti ndawadziwitsa msanga. Ine ndikadali ku Old Town, ndikukwera minibasi imodzi. Uthenga wa “Madamu bho” uja ndinausunga mu foni, ndipo ndimauwerenga kaye ndikafuna kuyankha imelo mutu uli wotentha.