Chinsinsi Si Chiwerewere

Akuluakulu ena a ku Linga ndi ku Chia amati foni yapha mwambo, ati chifukwa ana a masiku ano amafunsirana mobisa. Ine ndikukana. Kodi inu agogo, tsiku lomwe munamuona namwali padooko munathamangira kwa atsibweni ake? Simunayambe mwatuma kamwana ndi kalata yopinda kanayi? Pachichewa, mnyamata ndi mtsikana amayamba amvana okha, ankhoswe nkubwera pambuyo. Uthenga wapafoni wangolowa m'malo mwa kamwana kaja.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 22 woyanika usipa pathandala, amene wakondana ndi mlovi. Foni njake, koma si yake yekha: mayi amaimbirapo, mlongo wake amamverapo nyimbo, ndipo madzulo imakagona pagolosale kotchajitsa. Tsono nambala ya mnyamatayo waisunga pa dzina loti "Kasitomala Dwangwa". Mnyamata akaflasha kawiri, ndiye kuti watsika bwino panyanja. Akalemba kuti "Usipa wa lero ndi wokoma, ndakusungirani," mayi atha kuwerenga osaonapo kanthu, pomwe mwini wake akumwetulira yekha kuseri kwa nkhokwe. Apa palibe chonyansa. Ndi ulemu womwe uja woletsa mwana kutchula za chibwenzi pamaso pa bambo ake.

Mlandu uli pena, ndipo ndikuuika pa anyamatafe. Chinsinsichi chikaululika, wolipira ndi mtsikana. Mnyamata akalakwitsa nkulemba "wokondedwa wanga" usiku, mawuwo amawala pagalasi la foni ili m'manja mwa wotchajitsa, ndipo pofika m'mawa dooko lonse lamva. Mtsikana amalandidwa foni nkutchedwa maina, koma mnyamata amangokwera bwato. Choipitsitsa ndi kupempha chithunzi chosavala. Uthenga wa usipa ungathe kukanidwa, koma chithunzi chili ndi nkhope, ndipo kufufuta pafoni yako sikufufuta pafoni ya mnzako. Lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pafoni, komabe khoti silibweza ulemu wa munthu kumpingo kapena kumzikiti.

Nanga mtsikana angadziwe bwanji kuti chinsinsi chasanduka msampha? Afunse funso limodzi lokha: "Kodi kwa amalume mupita liti?" Wofuna banja amatchula mwezi, ngakhale atati adikire mwera uthe kuti apeze ndalama ya chikole. Wonyenga amayankha ndi mayunitsi, nkupempha kuti mauthenga onse azifufutidwa. Kawirikawiri wotereyu sakubisira makolo ayi, akubisira mkazi amene adamusiya padooko lina.

Choncho makolo, lekani kufufuza m'mafoni a ana anu amene akula kale. Mukatero mumangowaphunzitsa kubisa mozama, ndipo tsiku la vuto sadzakuuzani. M'malo mwake, pakhale azakhali kapena agogo amene mtsikana angawanong'oneze dzina la mnyamatayo popanda kukalipidwa. Ndipo iwe mnyamata mnzanga, lemba za usipa mmene ungafunire, koma usipawo tsiku lina ukafike pakhomo pa atsibweni, masana dzuwa likuswa mtengo.